Lokeshoni ikulozera kwina pa apu yobweretsera katundu

"Abale thandizeni, ndikaoda zinthu pa apu, wobweretsa amakafika dera lina kutali ndi kwathu, nthawi zina apuyo imangozungulira osandipeza n'komwe. GPS yafa kapena ndigule foni ina?"

Achimwene musagule kaye foni, komanso awa akukuuzani kuti mufufute zonse m'fonimo muyambirenso asiyeni, mutaya zithunzi zanu ulele vuto lili pomwepo. Za kugula foni ayankhe ena, ine ndinena za lokeshoniyo.

Tulukani panja poyera pomwe kumwamba kukuoneka, osati pakhonde, tsegulani Google Maps deta ili yoyatsa mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. Muyang'ane kadontho kabuluu kaja ndi chibwalo chotuwa chomwe chimakazungulira. Chibwalocho ndi foni ikukuuzani kuti "ndili penapake m'kati umu". Chikamachepa mpaka kadontho kukhala pomwe mwaimapo ndiye kuti GPS yanu ili bwinobwino, vuto lili ku apu inayo.

Ndipo nthawi zambiri ndi chilolezo. Kuyambira Android 12, apu ikamapempha lokeshoni imakufunsani kuti Precise kapena Approximate, anthu timangodina mothamanga osawerenga. Mukadina Approximate foni imaipatsa apuyo dera lonse dala, la masikweya kilomita pafupifupi atatu, ndiye wobweretsa katundu uja sakusochera ayi, akupita ndendende komwe apu yamulozera, kungoti yamulozera chapatali. Lowani mu Settings, kenako Location, mupeze mndandanda wa ma apu (mayina amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni), dinani apu yanuyo muyatse Use precise location, chilolezo chikhale Allow only while using the app. Pa iPhone kaswitchi kake ndi Precise Location, kanabwera ndi iOS 14.

Mlamu wanga zinamuchitikira zomwezi. Anapita nayo kwa wokonza mafoni wina, anamuuza kuti kachipangizo ka GPS kapsa, anaitsegula foniyo n'kumulipiritsa ndalama zambiri ndithu, kubwera kunyumba vuto lomwe lija, kuwonjezera apo chivundikiro chakumbuyo sichinatsekekenso bwino mpaka lero. Titayang'ana tinapeza apuyo ili pa Approximate basi. Choncho munthu asakutsegulireni foni musanayese panja paja, chonde.

Mukakonza chilolezocho musaiwale adiresi yomwe munasunga kale mu apumo, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Tsiku lomwe munalembetsa, apu inaika kachizindikiro pa mapu pomwe inkaganiza kuti muli, ndipo oda iliyonse imatsata kachizindikiro kakale kaja, sikasuntha kokha ngakhale GPS ikhale yolondola bwanji lero. Ifufuteni adiresiyo, muimirire panja pageti, muikenso, kenako mukulitse mapu ndi zala n'kukokera kachizindikiroko pa geti penipeni. Ngati mapu ali ndi chithunzi cha satelayiti gwiritsani chimenecho, denga lanu mulizindikira msanga kusiyana ndi mizere ya misewu ija.

Zoti nthawi zina imangozungulira osakupezani, ndikuganiza kuti mumaoda muli m'nyumba. Foni imafunika kumva masatelayiti osachepera anayi kuti idziwe pomwe ili, ndipo mphamvu yake ikamafika pansi pano imakhala yofooka kwambiri, denga la malata kapena la konkire limaitchinga. Ikalephera imayamba kungoyerekeza pogwiritsa ntchito nsanja za netiweki ndi mawayifayi omwe ikuwaona pafupi, ndiye kumene nsanja zili patalipatali ikhoza kukuponyani makilomita angapo. Onani kuti Google Location Accuracy ndi yoyatsa, komanso zimitsani Battery Saver pooda chifukwa pa mafoni ena imachepetsa ntchito ya lokeshoni. Deta nayo ikhalepo, GPS payokha siifuna deta koma deta imaithandiza kudziwa msanga komwe kuli masatelayiti, popanda deta ikhoza kutenga mphindi zingapo.

Kena kakang'ono, ngati munasamuka posachedwa n'kutenga rauta ya wayifayi, foni ikhoza kumakuonetsani kunyumba yakale mukakhala m'kati, chifukwa rautayo imadziwikabe kuti ili kuja. Zimakonzeka zokha pakapita nthawi.

Awa akunena zopukusa foni m'mwamba ngati mukulemba 8, zimenezo zimakonza kampasi, kuti kamuvi kaloze komwe mwayang'ana, sizisuntha kadontho kuchoka dera lina kubwera kwanu. Koma mukaima panja poyera mphindi khumi, deta ilipo, zilolezo zonse zili bwino, chibwalo chija osachepa ngakhale pang'ono pomwe foni ya mnzanu pambali panu yapeza kale, apo ndiye mutha kuyamba kukayikira foniyo.