Kufotokozera aneba chidziwitso chomatidwa pachitseko

Funso: Amayi oyandikana nawo nyumba anditumizira pa foni chithunzi cha chikalata cha Chingerezi chimene a bungwe la madzi amata pachitseko chawo. Chalembedwa pa 3 Juni, ndipo chikuti alipire K48,500 pasanathe masiku 14, apo ayi madzi akhoza kudulidwa. Ndawalembera kuti, "Adula madzi, mulipire msanga," koma sindinatumize. Kodi zili bwino?

Yankho: Musatumize uthengawo, chifukwa mawu akuti "adula" akalembedwa amamveka pawiri. Tikamayankhula, kukweza kapena kutsitsa mawu ndiko kumasiyanitsa "adula" wonena kuti ntchitoyo yachitika kale ndi "adula" wonena kuti ichitika posachedwa, koma m'kalembedwe kathu kusiyana kumeneku sikuoneka. Amayiwo akhoza kuthamangira kumpopi kukatsegula, ndipo akapeza madzi akutuluka aganiza kuti chikalatacho n'chongoopseza. Ikani "dza" kuti nthawi ioneke kuti ndi yam'tsogolo, ndipo popeza chikalatacho chikunena za chinthu chimene chingathe kuchitika, lembani kuti "akhoza kudzadula". Mukalemba "adzadula" ndiye kuti mwawonjezera mphamvu imene eni chikalata sanaikemo.

Za masiku 14 zija, musawasiyire amayiwo ntchito yowerengera. Anthu ambiri amayamba kuwerenga tsiku limene aona pepalalo, pamene kawirikawiri masikuwo amayambira pa deti limene lalembedwa pamwamba. Kuchokera pa 3 Juni, masikuwo akukwana pa 17 Juni, choncho tchulani tsikulo, ndipo ndi bwino kuwalangiza kuti alipire lisanafike. Samalaninso kuti musasinthanitse "pasanathe" ndi "pakatha", pakuti "pakatha masiku 14" akutanthauza kuti adikire kaye.

Uthenga wake ungakhale wotere:

"Mwaswera bwanji amayi? Chithunzi chija ndachiona. Chikalatacho n'chochokera ku bungwe la madzi, ndipo akuti pali bilu yotsalira ya K48,500 imene ikufunika kulipiridwa pasanafike pa 17 Juni. Akuti ikapanda kulipiridwa akhoza kudzadula madzi. Muyambe mwaona ngati dzina ndi nambala ya akaunti zili pamenepo ndi zanudi. Ngati munalipira kale, mutenge lisiti ndi chikalatacho popita ku ofesi yawo."

Mawu akuti "akuti" ndawabwereza dala. Amaonetsa kuti inu mukungopereka zimene ena alemba, pamene "mulipire msanga" akumveka ngati ndinu mukulamula munthu wamkulu pankhani ya ndalama zake. Ndasankhanso "bilu yotsalira" m'malo mwa "ngongole yanu", chifukwa simukudziwa ngati ndalamazo ndi zawodi, makamaka ngati nyumbayo ndi ya lendi ndipo bilu inasiyidwa ndi amene ankakhalamo kale.

Ngati mzere wina pachithunzipo sukuoneka bwino, makamaka wa ndalama kapena wa deti, musaganizire. Apempheni ajambulenso pafupi, pepala lonse lioneke mpaka pansi pamene pali chidindo.