Kadontho akwera phiri la Mulanje

"Mwana wanga wa Sitandade 5 wabwera ndi chithunzi chija cha nyanja, dzuwa, mitambo ndi mivi. Mayina a pa mivi waloweza, koma ndikawaphimba ndi chala n'kumufunsa kuti apa pakuchitika chiyani, amangondiyang'ana. Simungandilembereko kanthano kotsata chithunzicho, kotchula gawo lililonse?" Mayi wa ana awiri, ku Luchenza.

Mayi, muli ndi mwayi, chifukwa theka la chithunzi cha kuzungulira kwa madzicho mumaliona mukangotuluka pakhomo. Ndiye nthanoyi ndaidutsitsa pa Mulanje pomwepo. Muike chithunzi pamphasa, mwana agwire pensulo. Mukafika pa dzina la muvi muime, aloze yekha muviwo n'kulembapo dzinalo. Dzina lizikhala pa muvi, osati pa mtambo kapena pa nyanja, chifukwa chimene tikutchula ndi chochitika, kuchoka kwa madzi apa kupita apo.

Padangokhala. (Tili tonse!)

Kadontho ankakhala m'nyanja yaikulu ya mchere, ya Indiya, kuseri kwa dziko la Mozambiki, pamodzi ndi achemwali ake Nadontho ndi achimwene ake Chidontho. Tsiku lina dzuwa linawomba kwambiri. Atatuwo anayamba kumva kutentha, anapepuka, anamwazikana tizidutswa tosaoneka ndi maso, n'kuyamba kukwera.

"Tidikireni!" unafuula mchere.

"Iwe sungauluke, tsala," anayankha Kadontho. Mchere unatsaladi m'nyanja.

Muvi woyamba: KUSANDUKA NTHUNZI.

Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa inawanyamula n'kuwadutsitsa pamwamba pa minda ndi midzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawaona. Kenako kutsogolo kunaima chiphiri. Mphepo inasowa polambalala, inangokwera nawo. Akamakwera, kunkazizirirabe.

"Ndazizidwa ine," anatero Nadontho. Anaona kafumbi kakuuluka, anakakangamira. Tizidutswa tinzake tinabwera kudzakangamira pomwepo, ndipo posakhalitsa anakhalanso kadontho ka madzi, kakang'onong'ono. Anzake miyandamiyanda anachita chimodzimodzi. Anthu othyola tiyi m'munsi anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Sapitwa wafunda mtambo."

Muvi wachiwiri: NTHUNZI KUBWERERA KUKHALA MADZI.

Mu mtambomo munali chigulu. Timadontho tinkagundana, tikagundana n'kuphatikana, tikaphatikana n'kunenepa. Chidontho ndiye anayamba kulemera. "Mphepo ikundilephera!" anakuwa, ndipo anagwa. Kadontho ndi Nadontho anamutsatira. Tho! Tho! Tho!

Muvi wachitatu: KUGWA KWA MVULA.

Pansi pano m'pamene anasiyana. Chidontho anagwera pa dothi lofewa la masamba owola. Analowa, nalowabe, kudutsa m'timipata ta mchenga ndi m'ming'alu ya miyala, mpaka anakafika kumdima kumene madzi amayenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Anakhala kumeneko zaka, kufikira tsiku limene mtsikana wina anapopa mjigo, iye n'kutulukira mu ndowa.

Muvi wachinayi: KULOWA PANSI.

Nadontho naye analowa m'dothi, koma asanapite patali muzu wa mkungudza unamumwa. Anakwera m'thunthu, anafika kunthambi, dzuwa litatentha anatulukira pa timabowo ta m'masamba, wosaonekanso ngati poyamba paja.

Muvi wachisanu: MASAMBA KUTULUTSA NTHUNZI.

Kadontho yekha anagwera pathanthwe. Polowa panalibe. Anatsetsereka, anakumana ndi anzake m'kangalande, kangalande kanathira mu mtsinje wa Ruo. Ruo anamutenga mpaka ku Chiromo n'kumupereka kwa Shire, Shire anamupereka kwa Zambezi, Zambezi anakamutula m'nyanja.

Muvi wachisanu ndi chimodzi: KUYENDA PAMWAMBA PA NTHAKA.

"Wabwera?" unafunsa mchere. "Nanga anzako?"

"Akubwera, aliyense njira yake," anatero Kadontho. Asanapume n'komwe, dzuwa linayambanso kuwomba.

Apa mwana akadikira kuti munene zoti kaphuleni mbatata, musanene. Mumufunse kuti chala chake chili pati tsopano. Akaona kuti chabwerera pa muvi woyamba, mawu oti kuzungulira kwa madzi wawapeza yekha.

Madontho ndawaika atatu dala. Zithunzi zambiri za m'mabuku zimapangitsa mwana kuganiza kuti madzi onse amayenda mumzere umodzi ngati ana a pa asembule: nyanja, mtambo, mvula, mtsinje. Sizili choncho. Nthunzi imakhala m'mlengalenga pafupifupi masiku 9 basi, pamene madzi olowa pansi kwambiri angathe kukhalako zaka mazana. Nadontho sanafike n'kunyanja komwe, anabwerera kumwamba kuchokera pa tsamba. Ngati chithunzi cha mwana wanu chili ndi mivi inayi yokha, yotsalayo ajambule yekha, asachotse m'nthano.

Pamene ana ambiri amaphonya ndi pakati pa muvi woyamba ndi wachiwiri, ndipo mlandu wina ndi wa chiyankhulo chathu chomwechi. Ife timati nthunzi tikaona choyera chija chotuluka mumphika wa nyemba. Komatu choyeracho ndi timadontho ta madzi kale, kamtambo kakang'ono ka m'khitchini. Nthunzi ya pa muvi woyamba siioneka. Ngati muli ndi ketulo, iwire bwino, mwana ayang'ane chapatali pakamwa pake penipeni. Aona kampata kopanda kanthu, choyera chija chikuyambira patsogolo pang'ono. M'kampatako ndiye muli nthunzi yeniyeni, ndipo pamene payambira choyerapo ndi muvi wachiwiri. N'chifukwa chake m'nthano ndanena kawiri konse kuti atatuwo sankaoneka. Mukamufunsa kuti mtambo ndi chiyani iye n'kuyankha kuti ndi utsi kapena nthunzi, dziwani kuti mivi iwiriyi waiphatikiza. Yankho lake ndi timadontho ta madzi, ndipo kumwamba kwambiri timakhala ta ayezi. N'tating'ono moti pamafunika pafupifupi 1 miliyoni kuti tipange dontho limodzi la mvula.

Mwana wina adzakufunsani kuti ndani wawiritsa nyanja, poti kunyumba amaona nthunzi madzi akawira. Musayambe za madigiri 100. Mulozereni yunifolomu yake pa chingwe: yauma, koma palibe anaiika pamoto. Kutentha kumangofulumizitsa, mphepo nayo imathandiza. Zoti phiri limaziziritsa mpweya, zimenezo sizivuta kwa mwana wa kwanuko amene amadziwa chiperoni cha mu Juni. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo Sapitwa ndi wa mamita 3,002, ndiye kusiyana kwa pamwamba pake ndi m'mphepete mwa nyanja kumakhala pafupifupi madigiri 18.

Muvi wa masamba ndi umene ana sakhulupirira, chifukwa mtengo sauona ukuchita thukuta. Tengani kapepala ka pulasitiki koonekera, monga kochokera shuga, kouma bwino m'kati. M'mawa muvekeni kanthambi ka gwafa kapena mango ka masamba ambiri, koyang'ana dzuwa, mumange pakamwa ndi ulusi. Pomafika masana m'kati mukhala mutachita timadontho, ndipo pakona ya pansi padikha timadzi. Kapepala kena mumange pa kamtengo kouma kopanda masamba, kuti mwana asanene kuti madziwo abwera ndi pulasitiki. Za mchere nazo n'zosavuta: supuni imodzi ya mchere musungunule m'madzi pang'ono, muthire m'mbale ya chitsulo, muike padzuwa masiku awiri, kenako alawe zoyera zotsala m'mbalemo.

Mayina a Chingerezi aja, evaporeshoni, kondenseshoni ndi anzake, abwere pomaliza, awalembe pansi pa a Chichewa pa muvi womwewo. Mawa lake muphimbenso mayina onse ndi chala, mumupatse kamwala kakhale Kadontho, nthano aikambe iyeyo, inu muzingovomera kuti tili tonse.