Yambani ndi mizere inayi, kenako mubwerere ku tizizindikiro takale

"Abale, kwaya yathu ya pa parishi yapatsidwa nyimbo za Chilatini zoti tiyimbe pa Khirisimasi. Zalembedwa pa mizere inayi, manotsi ake ndi timabokosi takuda. Ife tinazolowera solofa. Ndaonanso chithunzi cha buku lakale lomwe lilibe mizere konse, muli timakhwacha tokha pamwamba pa mawu. Zimenezi zikugwirizana bwanji, ndipo ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa mizere inayi ija, chifukwa munthu wodziwa solofa ali kale pafupi nayo kuposa woyimba piyano. Kumanzere kwa mzere uliwonse wa nyimbo kuli kachizindikiro kooneka ngati C kamene kakumbatira umodzi mwa mizere inayi. Mzere umenewo ndi do wanu. Nthawi zina mupeza kachizindikiro komweko kali ndi kabokosi kena kumanzere kwake, apo ndiye kuti mzerewo ndi fa. Kuchokera pamenepo muwerenge mokwera kapena motsika, mzere, mpata, mzere, mpata, monga makwerero. Pepalalo silikukulamulani kiyi yoyambira. Do mumuika pamene mawu a kwaya yanu afika bwino, monga momwe mumachitira kale.

Tiyese ndi nyimbo yolowera ya Misa ya masana pa Khirisimasi, Puer natus est nobis, yomwe mwina ili m'gulu la zimene mwapatsidwa. Do ali pa mzere wachitatu kuwerengera kuchokera pansi. Pa silabo yoyamba, "Pu", pali timabokosi tiwiri tolumikizidwa ndi kamzere koimirira, kena pansi kena pamwamba. Kapansi kali mu mpata wa pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri, ndiye mukatsika kuchokera pa do mupeza ti, la, so. Kapamwamba kali mu mpata wa pamwamba pa do, ameneyo ndi re. Choncho mukuyimba so kenako kulumphira pa re wapamwamba, ndipo "er" akhala pa re yemweyo. Pa "na" pali manotsi atatu, re mi re, "tus" atsikira pa do, ndipo "est" abwereza do katatu. Gulu la manotsi oyimbidwa pa silabo imodzi ndi limene limatchedwa neuma. La awiri okwera lija dzina lake ndi pesi, la awiri otsika ndi kilivisi, la atatu okwera n'kutsika ngati la pa "na" ndi torokulusi.

Tsopano tengani pesi yemweyo mupite naye ku chithunzi chanu chija. Alembi a ku nyumba ya amonke ya Sankt Gallen, ku Switzerland wa lero, ankamulemba ngati kambedza kamene kayambira pansi n'kukwera kumanja. Kambedzako kamanena kuti pali manotsi awiri, wachiwiri ndi wokwera. Sikanena kuti wakwera motani. So kupita pa la ndi so kupita pa re zimatha kulembedwa ndi kambedza kofanana. Mukapatsa munthu amene sanamvepo nyimboyo tsamba limenelo, sangaiyimbe ngakhale akhale katswiri. Ndipo alembiwo sankaona vuto, chifukwa woyimba aliyense anali nayo nyimboyo pamtima. Anyamata ankaphunzira nyimbo za chaka chonse cha mpingo pomvera mphunzitsi ndi kubwereza, kwa zaka zambiri. Maneuma, amene anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 800 m'maiko a Afulanki pamene mafumu ankafuna kuti mipingo yonse iziyimba monga ku Roma, anali okumbutsa chabe, ngati dzanja la wotsogolera kwaya likamakwera ndi kutsika patsogolo pa anthu oidziwa kale nyimbo.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti timakhwacha tija tinali kalembedwe kosakhwima, kodikira kuti wina adzakakonze. Ayi. Tinkanena zinthu zimene timabokosi tanu sitinena. Mlembi wa ku Sankt Gallen anali ndi pesi wozungulira pansi, woyimbidwa mopepuka ndi mofulumira, komanso pesi wa ngodya, woti notsi iliyonse imveke molemera. Ankaika kamzere kakang'ono pa neuma kusonyeza kuti apa muchedwepo. Ankalembanso zilembo pambali: c kutanthauza fulumirani, t kutanthauza gwirani, e kutanthauza kuti notsi iyi ili pa msinkhu wofanana ndi yapitayo. Mmonke wa komweko, Notker, analemba kalata yofotokoza tanthauzo la zilembozi, ndipo kalatayo ilipo mpaka lero. Buku la zigawo za woyimba yekha la ku Sankt Gallen, lodziwika ndi nambala 359, linalembedwa cha m'ma 920, ndipo lina la ku Laon ku France, nambala 239, ndi la nyengo yomweyo. Kalembedwe kawo n'kosiyana maonekedwe, koma mukawaika pamodzi nthawi zambiri amagwirizana pa malo ofulumira ndi malo ochedwa. Ndicho chifukwa akatswiri amawakhulupirira.

Njira yopita ku mizere inadutsa kwina. Kumwera kwa France, ku Aquitaine, alembi ankalemba manotsi ngati timadontho tosiyana, ndipo anayamba kusamala msinkhu wa kadontho kalikonse pa tsamba: kulumpha kwakukulu, mpata waukulu. Kuti dzanja lisasochere ankakanda mzere umodzi pachikopa ndi chosongoka chopanda inki, n'kumayeza kuchokera pamenepo. Kumwera kwa Italy, ku Benevento, ankachita zofanana, ndipo kumapeto kwa mzere ankaika kanotsi kolozera pamene mzere wotsatira uyambire. Ku Dijon wina anathetsa vutolo mwa njira yakeyake, analemba maneuma pamwamba ndi zilembo za manotsi pansi pake, buku limene tsopano limasungidwa ku Montpellier.

Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy, anabwera cha m'ma 1025 mpaka 1030 n'kusonkhanitsa zimenezi kukhala njira imodzi yophunzitsika. Mizere sanaitulukire yekha, koma iye ndiye anaika lamulo loti mizere ikhale yoyandikana kotero kuti mzere uliwonse ndi mpata uliwonse ukhale ndi notsi yakeyake, ndipo chilembo kumayambiriro chinene dzina la mzerewo. Mzere wa F, womwe ndi fa, ankaupaka kufiira, wa C, womwe ndi do, chikasu. Anasankha awiriwa chifukwa pansi pa aliyense pali sitepe yaifupi, mi kupita pa fa ndi ti kupita pa do, pamene woyimba wosazolowera amaphonya kawirikawiri. Mukadziwa pamene pali masitepe aafupi, zina zonse zimakhala pamalo pake. Kachizindikiro ka C ndi ka F pa pepala lanu ndi zilembo zomwezo, zangosintha maonekedwe ndi zolembera za mibadwo. Guido yemweyo anatenga masilabo oyamba a mizere ya nyimbo ya Yohane Mbatizi, ut re mi fa sol la, kuti ana azikumbukira mamvekedwe a notsi iliyonse. Ut anadzasanduka do m'zaka za m'ma 1600, ndipo solofa amene timayimba ife, wokonzedwa ku England m'zaka za m'ma 1800, ndi mdzukulu wa masilabo amenewo. Iye ankadzitama kuti ntchito ya zaka khumi yafupika kukhala ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Amonke anzake a ku Pomposa sanakondwere naye, anachokako, koma Papa Yohane XIX anamuitana ku Roma kukaona njirayo.

Sikuti onse anasintha tsiku limodzi. M'madera olankhula Chijeremani ena anapitiriza kulemba opanda mizere mpaka m'zaka za m'ma 1300. Timabokosi tinakhazikika m'zaka za m'ma 1200, pamene alembi ankagwiritsa ntchito nthenga ya nsonga yotambalala, ndipo mizere inayi inakwanira chifukwa nyimbo zambiri za mtunduwu sizipitirira kwenikweni okitevu imodzi. Mizere isanu inafala ndi nyimbo za mawu angapo. Koma pamene msinkhu wa notsi unayamba kulembedwa molondola, pesi wopepuka ndi pesi wolemera anasanduka kabokosi kamodzimodzi, ndipo zilembo c ndi t zinasowa. Kwaya yowerenga timabokosi tokha imayimba notsi iliyonse mofanana, nyimbo n'kumamveka ngati anthu akusinja.

N'chifukwa chake buku limene ndingakuuzeni kuti mufune, mukatha milungu ingapo pa mizere inayi, ndi Graduale Triplex, limene amonke a ku Solesmes ku France anatulutsa mu 1979. Pa tsamba limodzi pali timabokosi pakati, maneuma a ku Laon pamwamba ndi inki yakuda, ndi a banja la Sankt Gallen pansi ndi inki yofiira. Msinkhu muutenga pa timabokosi, kayendedwe mukatenga pa ofiira ndi akuda. Musayese kuphunzira zonse. Tengani nyimbo imodzi imene kwaya yaidziwa kale, muyang'ane pamene pali c ndi t basi, muyimbe kawiri, mumve kusiyana. Zithunzi za buku 359 lenilenilo mungazione kwaulere pa tsamba la pa intaneti la e-codices, koma Puer natus yonse musaifune mmenemo, popeza bukulo ndi la zigawo za woyimba yekha. Nyimbo zolowera muzipeza m'buku lina lakale, Einsiedeln 121, lomwe lilinso pomwepo.

Poyeserera ndi kwaya, pali malo amene anthu amagwa nthawi zonse. Pa pesi diso limathamangira kabokosi kapamwamba, pamene koyamba ndi kapansi. Mukaona mzere wokhuthala wopendekeka ukutsika kumanja, ameneyo ndi porekitusi, ndipo mzerewo ukuimira manotsi awiri okha, poyambira ndi pothera, si woti mawu azitsetsereka ayi. Kanotsi katheka kokhala kumapeto kwenikweni kwa mzere, kusitosi, sikayimbidwa, kamangolozera kutsogolo. Ine ndinamvapo ma alito athunthu akukayimba mokhulupirika pa mzere uliwonse, nyimbo n'kumachita chibwibwi. Do amathanso kusamuka mzere pakati pa nyimbo, makamaka pofika pa vesi, ndiye muyang'ane kumanzere nthawi iliyonse. Ndipo ngati mapepala anu anakopedwa kuchokera m'buku la nyimbo za Chilatini lotchedwa Liber Usualis, timadontho ta pambali pa manotsi ndi timizere toimirira pansi pake ndi zowonjezera za ku Solesmes. Kadontho kakutanthauza kutalikitsa notsi, koma kamzere koimirira ndi kongowerengera, musakamenye ndi mawu ngati ng'oma.

Za kulembera kwaya yonse m'solofa, chitani ngati Khirisimasi yayandikira, koma manotsi a silabo imodzi muwamange pamodzi ndi mzere pansi, ndipo musaikepo mizere yogawa mabiti, chifukwa nyimbozi zilibe mabiti owerengeka. Pa "est" paja, ma do atatu aja alembeni onse atatu ndipo aliyense amveke pang'ono payekha, asasanduke do mmodzi wautali.