Mphoto za mafilimu zimakuuzani chiyani, nanga sizikuuzani chiyani?

"Ndinatha bandulo yonse kuonera Roma chifukwa ndinawerenga kuti inasankhidwa kupikisana pa mphoto 10 za Oscar. Ndinagona isanafike pakati. Kodi vuto ndi ine, kapena mphoto zimenezi n'zabodza? Ndingazidalire bwanji posankha filimu yoonera?"

Achimwene, vuto si inu, komanso mphotozo sizinakunamizeni. Munazifunsa funso limene sizinapangidwe kuti ziyankhe. Mphoto iliyonse imanena kuti gulu lakutilakuti la anthu, chaka chakutichakuti, linagoma ndi mbali inayake ya filimu. Mukadziwa gululo ndi mbali imene linkayang'ana, mungathe kuganizira bwino ngati filimuyo ingakukomereni. Nambala yokha ya 10 siithandiza kwenikweni. Tiyeni tikhale pa chaka chomwecho cha Roma, mwambo wa mu Febuluwale 2019, chifukwa chaka chimenecho chimaonetsa bwino mmene zinthuzi zimayendera.

Mphoto za Oscar zimaperekedwa ndi bungwe la ku Amereka lotchedwa Academy of Motion Picture Arts and Sciences, lomwe ovota ake alipo pafupifupi 10,000. Onsewo ndi anthu ogwira ntchito ya mafilimu, ndipo anagawidwa m'nthambi: osewera, otsogolera, olemba nkhani, ojambula, olumikiza zithunzi, okonza mawu, osoka zovala ndi ena. Posankha oti apikisane, nthambi iliyonse imasankha anthu a ntchito yake. Ojambula amasankha ojambula anzawo, osoka zovala amasankha osoka anzawo. Mphoto yaikulu ija ya filimu yopambana zonse, imene mumaiona italembedwa kuti Best Picture, ndiyo amasankhira limodzi onse kuyambira pachiyambi.

Ndiye mukamva kuti Roma inasankhidwa m'magulu 10, dziwani kuti mwa zimenezo munali kujambula, kakonzedwe ka malo ojambulira ndi magulu awiri a kakonzedwe ka mawu. Akatswiri a ntchito zimenezo anaona luso, ndipo lusolo lilipodi. Koma filimuyo ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yotalika maola awiri ndi mphindi 15, ndipo imatsatira pang'onopang'ono moyo wa mtsikana wantchito m'nyumba ina ya mu Mexico City cha m'ma 1970. Imayamba ndi madzi akutsanuliridwa pansi, kamera ili phee kwa mphindi zingapo. Alfonso Cuarón anaipanga kuti ionetsedwe pa nsalu yaikulu m'chipinda chamdima, mawu akuchokera mbali zonse. Mukaionera pa foni kapena pa laputopu usiku mutatopa, zambiri zimene akatswiri aja anagoma nazo sizikufikani n'komwe. Pamapeto inapambana mphoto zitatu: wotsogolera, kujambula, ndi filimu ya chinenero china. Mphoto yaikulu inapita kwa Green Book.

Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa mphoto yaikuluyi ili ndi kavotedwe kakekake. M'magulu ena onse wovota amachonga dzina limodzi, ndipo wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana. Koma pa filimu yopambana zonse, kuyambira mwambo wa 2010, wovota amandandalika mafilimu onse kuchokera pa imene waikonda kwambiri mpaka yotsiriza. Wopambana ayenera kupitirira theka, monga zilili ndi lamulo la 50+1 pa chisankho cha pulezidenti kwathu kuno, kungoti iwo sabwereza chisankho: zonse zimathera pa pepala lomwelo.

Tiyerekeze kuti ovota ndi 100 ndipo mafilimu ndi atatu. Anthu 40 aika filimu yoyamba pamwamba, 35 aika yachiwiri, 25 aika yachitatu. Palibe yafika 51. Yachitatu imachotsedwa, ndipo mapepala ake 25 amawayang'ananso kuti aone filimu imene eni ake anaiika pa nambala 2. Tinene kuti 18 anaika filimu yachiwiri ija, 7 anaika yoyamba. Tsopano yachiwiri ili ndi 53, yoyamba 47. Filimu imene anthu ochuluka anaikonda koposa yagonja, ndipo yapambana ndi imene anthu ambiri anati "nayonso ndi yabwino". Academy siulula chiwerengero cha mavoti, koma kavotedwe kotere kamakomera filimu yosavuta kuilandira, ndipo kamapweteka filimu imene ena amaifera pamene ena sakufuna n'kuimva komwe. Roma ndi ya mtundu wachiwiriwo. Green Book, nkhani ya woimba piyano wakuda ndi dalaivala wake mzungu pa ulendo wa kum'mwera kwa Amereka mu 1962, ndi ya mtundu woyamba: ili ndi nthabwala, imayenda mwachangu, ndipo imatha aliyense mtima uli m'malo. Olemba za mafilimu ambiri anaidzudzula kuti ikupeputsa nkhani ya tsankho, abale ake a woimbayo nawonso anadandaula. Ine ndimagwirizana nawo odzudzulawo, komabe ndikukhulupirira kuti simukanagona.

Nyengo yonse ya mphotozi ndi magulu osiyanasiyana akupereka maganizo awo motsatizana, ndipo chaka chimenecho anasemphana kwambiri. Zimayamba ndi zikondwerero za mafilimu: Cannes mu Meyi, kenako Venice chakumapeto kwa Ogasiti ndi Toronto mu Sepitembala. Ku Venice oweruza amakhala ochepa, osafika khumi, ndipo mu 2018 anapereka mphoto yawo yaikulu kwa Roma. Ku Toronto mphoto yotchuka kwambiri imavoteredwa ndi anthu wamba amene alowa kukaonera, ndipo iwo anasankha Green Book. Mu Januwale a Golden Globes, omwe ovota ake ndi atolankhani, anakweza Bohemian Rhapsody ndi Green Book. Bungwe la osewera linapereka mphoto yake ya gulu lonse kwa Black Panther. A BAFTA ku Britain anasankha Roma. Pa magulu onsewa, amene akufanana kwambiri ndi inu, munthu wofuna kuonera filimu Loweruka madzulo, ndi a ku Toronto aja. Slumdog Millionaire ndi The King's Speech zinadutsa pakhomo lomwelo. Mukaona chizindikiro cha Venice kapena Cannes pa chithunzi cha filimu, yembekezerani kuti mwina ikufuna kudekha.

Mphoto imene imasocheretsa anthu kwambiri ndi ya wosewera. Imanena za munthu mmodzi basi. Rami Malek anapambana chaka chomwecho chifukwa chosewera ngati Freddie Mercury, ngakhale kuti olemba za mafilimu ambiri sanaione Bohemian Rhapsody ngati filimu yapamwamba. Meryl Streep anapambana mu 2012 atasewera ngati Margaret Thatcher mu The Iron Lady, filimu imene ndi ochepa amaibwereza. Ovota amakonda wosewera amene wasandulika munthu wodziwika, wasintha mawu, wanenepa kapena wawonda, chifukwa khama lotere limaoneka ndi maso. Mukaona filimu yasankhidwa pa wosewera yekha, popanda nkhani kapena wotsogolera, kawirikawiri mudzapeza munthu mmodzi akuwala mu filimu wamba. Ndipo mphoto za zaluso zili chimodzimodzi. Suicide Squad, imene inanyozedwa kwambiri, ili ndi Oscar yake ya 2017 ya zodzoladzola ndi tsitsi.

Kwa munthu amene amagona nkhani ikamachedwa, gulu limene ndimalidalira kuposa ena ndi la olemba nkhani. Olemba anzawo akaisankha, nthawi zambiri ndiye kuti zochitika zikukokana bwino ndipo zolankhula zili ndi mchere. Get Out inapambana pamenepo mu 2018, Parasite mu 2020, ndipo onsewo ndi mafilimu oti simungayang'ane foni muli pakati. Koma si lamulo losasweka, poti Roma nayonso inasankhidwa m'gulu limeneli. N'chifukwa chake ndimawonjezera zinthu ziwiri zimene zimatenga mphindi zochepa: kuona kutalika kwa filimuyo, ndi kuonera kachidutswa kake kotsatsira. Kachidutswako kakakhala ka zithunzi zokongola ndi nyimbo koma osakuuzani kuti ndani akufuna chiyani, filimu yonse idzakhala choncho.

Kuchuluka kwa magulu nakonso kumatsatira ndalama. Filimu yaikulu ya mbiri yakale, yokhala ndi zovala zakale, nyumba zomangidwa dala ndi gulu lalikulu loimba, ili ndi makomo ambiri olowera. Filimu ya anthu atatu m'chipinda chimodzi singapikisane pa zovala kapena zithunzi za pakompyuta, ngakhale itakoma chotani. The Favourite inasankhidwa m'magulu 10 ngati Roma, n'kupita kwawo ndi mphoto imodzi. Chaka chotsatira The Irishman, ya maola atatu ndi theka, inasankhidwanso m'magulu 10 osapata kalikonse. Kuwonjezera apo, makampani amawononga ndalama zambiri pokopa ovota: zikwangwani zolembedwa For Your Consideration, maphwando, kuonetsa filimu mwapadera. N'chifukwa chake mafilimu ofuna mphoto amatuluka mothinana chakumapeto kwa chaka, kuti ovota asawaiwale. Ndipo mwina mudabwa kumva kuti lamulo loti wovota aonere mafilimu onse a m'gulu asanavote komaliza linangolengezedwa mu 2025.

Kusasankhidwa ndiye sikutanthauza chilichonse. Mafilimu oseketsa, oopsa ndi a nkhonya amavutika kulowa ngakhale atakhala abwino. The Dark Knight inasiyidwa pa mphoto yaikulu mu 2009, madandaulo anachuluka, ndipo chaka chotsatira malo anawonjezeredwa kuchoka pa asanu kufika khumi. Mafilimu a kunja kwa Amereka ndiye khomo lawo ndi lopapatiza: pa mphoto ya filimu ya chinenero china, dziko lililonse limatumiza filimu imodzi, ndipo zisanu zokha ndizo zimafika kumapeto. M'chaka chomwecho cha Roma, Malawi inatumiza The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ndipo sinafike pa zisanuzo. Chaka chotsatira Britain inatumiza The Boy Who Harnessed the Wind, ya nkhani ya William Kamkwamba, nayonso sinalowe. Nigeria inatumiza Lionheart, koma inachotsedwa mpikisano usanayambe chifukwa choti zolankhula zambiri zinali m'Chingerezi.

Mukanandifunsa musanagule bandulo ija, ndikanakutumizani kwa Black Panther, imene inasankhidwa m'magulu 7 n'kupambana pa zovala, malo ojambulira ndi nyimbo, kapena kwa Spider-Man: Into the Spider-Verse, imene inatenga mphoto ya makatuni usiku womwewo. Roma muisungire tsiku limene mudzakhale ndi TV yaikulu, magetsi odalirika ndi maola awiri opanda wokusokonezani. Mukadzaonera mphindi 40 osakhudzidwa, zimitsani.