LED ikayaka pampu ikuzima, bodi yapsa kodi?

"Abale thandizeni, ndili ku Highfield, ndikupanga kamakina kodzazitsa thanki ndi Arduino Uno. Rileyi ya pampu ili pa pini 8, LED pa 13. Ndikalemba `PORTB = 0b00100000;` LED ikuyaka koma pampu ikuzima yokha."

Achimwene bodi ilibe mlandu, musaononge madola anu kukagula ina mtawuni. Pini 8 ndi PB0, pini 13 ndi PB5, onsewa amagona m'nyumba imodzi, rejisita ya PORTB ya mabiti 8, ndiye mukalemba ndi `=` mwalembera mabiti onse kamodzi, ziro wakumapeto uja ndi amene akukuzimitsirani pampu.

Pangani masiki, nambala yokhala ndi 1 pa biti mukuifunayo pokha. `(1 << PB5)` ndi 00100000.

```c
PORTB |=  (1 << PB5);
PORTB &= ~(1 << PB5);
PORTB ^=  (1 << PB5);
```

Woyambawo ukuyatsa, wachiwiri ukuzimitsa, wachitatu ukutembenuza. Tiyese pampu ili mkati mopopa, PORTB ndi 00000001. `|` ndi masiki ija ikupatsani 00100001, pampu osakhudzidwa chifukwa pamene masiki ili ndi 0 biti imatsala mmene inalili. Pozimitsa mpamene anthu amasokonekera. `~` imagadabuza masiki kukhala 11011111, ndiye `&` imasunga paliponse pali 1 nkugwetsa PB5 yokha, mwabwerera ku 00000001. `^` ndi yophethiritsa, pali 0 paika 1, pali 1 paika 0.

Koma chonde yang'anitsitsani, ndi `~` osati `!`. Ine izi zinandigoneka mochedwa tsiku lina kuno ku Mufakose, `!(1 << PB5)` ndi 0 basi, PORTB yonse imagwa ziii ndipo kompaila imangodutsitsa ngati zili bwino. Mukaona kuzimitsa LED kukuzimitsa zonse, yambirani pamenepo. Komanso ngati switchi ya mu thanki ili pa pini 9 (PB1) ngati yolowetsa, biti yake mu PORTB ndi imene imayatsa rezisita yamkati yokokera pini ku 5V, mukaifufuta pini imangoyandama, pampu nkumayaka kuzima ngati yalodzedwa. DDRB, rejisita yosankha ngati pini ndi yolowetsa kapena yotulutsa, nayonso muziisintha ndi `|=` yomweyo.

China, ngati pampu mukuiyendetsa mu intaraputi. `^=` ndi masitepe atatu, kuwerenga PORTB, kusintha, kulembanso. Intaraputi ikagwera pakati nkuzimitsa pampu poti thanki yadzaza, kodi yanu ikabwerera ilemba nambala yakale ija, pampu yayakanso madzi mbwee pabwalo, ndipo zimachitika mwa apo ndi apo moti kuzigwira nkovuta. Pa ATmega328P ya mu Uno ingolembani `PINB = (1 << PB5);`, apa `=` ndi yolondola chifukwa 1 amatembenuza pini imeneyo yokha, maziro sachita kanthu. Apo ayi kutirani mzere wa `^=` uja pakati pa `cli();` ndi `sei();` kuti intaraputi isagwere pakati.