Kuchotsa deti ya olenji pa chithunzi chakale

"Abale, ndasikana zithunzi za ukwati wa makolo anga ku Kasungu, koma pakona pali deti ya olenji, '98 8 15. Nditayesa kuichotsa, dothi ndi nkhope zinatuwa. Nditani?"

Achemwali, choyamba lembani detiyo m'dzina la fayilo musanaifufute, chifukwa mwina palibenso pena pamene inalembedwa.

Manambala amenewo si inki. Kamera za nthawi imeneyo zinali ndi timagetsi kuchitseko chakumbuyo, timene tinkawalitsa detiyo pa filimu penipenipo. Ndiye palibe choti mungapale n'kupeza chithunzi pansi. Zinatuwa chifukwa munachepetsa olenji pa chithunzi chonse, pomwe dothi lakatondo la kwathu kuno ndi khungu lathu zilinso ndi mtundu womwewo.

Koma pali mwayi. Chithunzi cha pa kompyuta chili ndi zigawo zitatu: chofiira, chobiriwira ndi cha buluu. Kuwala kwa olenji kumawononga kwambiri chofiira, chobiriwira pang'ono, pamene cha buluu nthawi zambiri chimatsala pafupifupi chathunthu. Ine ndimakonza zowonongeka zokhazo.

Sikananinso pa 600 dpi, musunge ngati TIFF, osati chimene chadutsa pa WhatsApp, chifukwa chimenecho mtundu wa olenji umakhala utamwazikira m'mbali. Tsegulani mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mupite pa Colors > Components > Decompose, musankhe RGB. Patuluka chithunzi chatsopano chokhala ndi zigawo zitatu zotuwa: red, green ndi blue. Pa red manambala aoneka oyera mbee, pa blue mwina muchita kuwafunafuna.

Pa red tengani chida cha Heal, burashi ikhale yokulirapo pang'ono kuposa mzere wa nambala. Gwirani Ctrl n'kudina malo abwino oyandikana nawo, kenako muzidontheza pang'onopang'ono, osakoka mzere wautali. Chitani chimodzimodzi pa green, potengera malo omwe aja. Apa ndi pamene ndinalakwitsa pa chithunzi cha agogo anga ali pakhonde: ndinatengera malo osiyana, ndipo nditaphatikiza panatuluka timadontho tobiriwira ndi tofiirira pa khoma. Mukatha, Colors > Components > Recompose.

Kenako kulitsani chithunzi pa 200% muyang'ane m'mphepete. Nambala iliyonse imakhala ndi kachifunga kofiira mozungulira, ndipo mukakasiya detiyo imawerengekabe ngati mthunzi. Bwererani pa red, mudutse m'mphepete mwa manambala ndi mapikiselo atatu kapena anayi, kenako Recompose kachiwiri.

Pa dothi, udzu kapena suti yakuda zimatheka msanga. Pamavuta ndi pamene 8 wagwera pa chitenje cha maluwa, chifukwa Heal imapaka maluwawo ngati phala. Pamenepo tengani Clone, mukopere duwa lofanana nalo pa chitenje chomwecho, muyang'ane pa blue kuti muone mmene mizere imayendera. Ikakhala pa nkhope ya munthu, ine ndimaisiya, chifukwa diso limene mungaikepo silikhalanso lake. Fayilo yoyamba ija musaikhudze, zonsezi muzichitira pa kope.