Mizere ya pamimba ndi m'ntchafu: kodi imatha?

A dokotala, ndinachira miyezi 4 yapitayo, mwana woyamba, ndipo pamimba ndi pamawere pali mizere yakuda ngati ndakandidwa. Mnzanga wandipatsa mafuta a m'kachubu a kumsika, akuti amafufuta pa milungu iwiri. Mng'ono wanga wa zaka 14 alinso nayo m'ntchafu, moti amayi akumukayikira kuti anataya mimba. Tithandizeni.
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Mayi, ndiyambe ndi mng'ono wanuyo chifukwa zandikhudza. Kawauzeni amayi kuti mizereyo si umboni wa mimba ngakhale pang'ono. Mwana akamatha msinkhu amakula mofulumira kuposa mmene khungu lingatambasukire. Atsikana imawatuluka m'ntchafu, m'chiuno, m'matako ndi pamawere. Anyamata nawonso imawatuluka, makamaka kumsana cham'munsi, yopingasa, ndipo makolo ena amaganiza kuti mwana wakwapulidwa kusukulu.

Chimene chimachitika n'chimodzi pa inu ndi pa iye. Kunsi kwa khungu limene timaliona kuli gawo lina lokhala ndi timinyewa tolimba, kolajeni ndi elasitini, timene timachititsa kuti khungu likakokedwa lizibwerera m'malo. Thupi likakula mwadzidzidzi, timinyewati timang'ambika ngati lasitiki wa siketi amene wakokedwa mopyola. Mahomoni a pathupi ndi a pa kutha msinkhu amatifewetsanso, n'chifukwa chake amayi ambiri amayamba kuona mizereyi mimba ikadutsa miyezi 6. Zimayenderanso kumtundu: ngati amayi anu anali nayo, si zodabwitsa kuti nonse awiri muli nayo.

Choncho mzere uliwonse ndi chipsera cha mkati, osati litsiro la pamwamba. Kukhula ndi mwala kapena kupaka mandimu kumangopweteka khungu. Mzerewo sutha kotheratu, koma umazilala. Ukakhala watsopano, pa khungu lakuda umaoneka wodera kwambiri kapena wofiirira, nthawi zina umayabwa. Pakapita miyezi 6 mpaka 12 chibadwire mwana, umachepa n'kukhala wotuwa. Inu muli pa miyezi 4, ndiye mmene mukudzionera lero si mmene mudzaonekere mwanayo akamadzayamba kuyenda.

Tsopano kachubuko. Chonde musadzole musanakasonyeze kufamase kapena kuchipatala. Mafuta ambiri otere, makamaka oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala a sitiroidi monga betametazoni kapena kilobetasolo. Masiku oyamba amanamiza, chifukwa kuyabwa kumaleka ndipo mtundu wa mzere umaoneka ngati wachepa. Koma sitiroidi amaletsa khungu kupanga kolajeni, ndipo mukamadzola kwa milungu yambiri limapyapyala n'kuyamba kung'ambika lokha. Mizere yobwera ndi mafutawa imadziwika: imakhala yotakata, yolowa mkati, imakonda m'khwapa, m'mphechepeche ndi mkati mwa mikono, ndipo timitsempha timaonekera. Imeneyo ndi yovuta kwambiri kuposa ya mimba. Komanso mukadzola pamawere, mwana adzayamwa mankhwalawo. Mapiritsi a dekisametazoni amene atsikana ena amamwa kuti anenepe amachitanso zomwezo.

Nanga chothandiza n'chiyani? Mafuta a koko ndi a olivi anayesedwa pa amayi apakati ndipo sanaletse mizere kutuluka. Dzolani mafuta wamba amene muli nawo mukangosamba, achepetsa kuuma ndi kuyabwa, koma musawononge ndalama ya phala la mwana pa botolo lodula.

Mankhwala amene ali ndi umboni wooneka ndi tiretinoini, olemberedwa ndi dokotala. Amagwira pa mizere yatsopano yokha. Yakale yotuwa saitha. Mumapaka pang'ono kwambiri usiku, poyamba kudumphitsa tsiku, ndipo kusintha kumaoneka pakatha miyezi ingapo, kawirikawiri mpaka 6. Amatha kuwotcha ndi kusupula, ndipo pa khungu lakuda kupsako kumasiya mabanga, choncho pakayamba kuwawa mumapumira kaye. Mayi wapakati kapena amene akufuna kutenga pakati asawagwiritse ntchito, chifukwa angavulaze mwana m'mimba, ndipo inu amene mukuyamwitsa ndikukulangizani kuti mudikire. Njira za makina a kuwala otchedwa leza ndi zobaya tisingano zimachepetsa mizere osaichotsa, n'zodula, ndipo zikachitidwa ndi munthu wosadziwa khungu lakuda zimasiya mabanga oipa kuposa mizereyo.

Mng'ono wanu safunika mankhwala, pokhapokha mukaona izi: mizere yotakata kuposa sentimita imodzi, nkhope ikufufuma n'kukhala yozungulira, mimba ikukula pamene miyendo ikuwonda, akuvutika kudzuka akanjuta, kapena wasiya kutalika koma akunenepabe. Zimenezo zingasonyeze kuti homoni ya kotizolo yachuluka m'thupi. Zikatero pitani naye kuchipatala, akamuyeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo mutenge mafuta ndi mapiritsi onse amene wakhala akugwiritsa ntchito.